Fulochati ya sitolo ikukana kukhala masitepe, thandizeni mwamsanga

Mlembi wa ku Kabwata: Abale, mutu waima. Ku ofesi kwathu kwabwera mnzathu watsopano ku sitolo, ndi wosaona, amagwira ntchito ndi NVDA, pulogalamu imene imamuwerengera mokweza zolembedwa pa kompyuta. Buku la ndondomeko lili ndi fulochati yopemphera katundu koma ndi chithunzi chabe, anachita kusikana, fayilo yoyambirira inapita ndi amene anajambula. NVDA ikafika pamenepo imangoti pali chithunzi basi. Abwana akuti ndiilembe ngati masitepe a manambala pofika Lachisanu. Mabokosi alipo 11, mwa amenewo 4 ndi madayamondi a mafunso. Ndalemba 1 mpaka 11 monga alili, mnzathuyo wamvetsera n'kundifunsa kuti, "Ndikapereka katundu yense pa 4, bwanji 5 ikundiuzanso kuti ndilembe wotsala, 6 n'kundifunsa mtengo wogulira?" Ndayesa za 3.1, 3.1.1, zafika 3.3.2.1 ndipo zogulazo zikubwera kawiri. Komanso ndikaikapo sitepe imodzi pakati, Word ikusuntha manambala, "pitani ku 8" yanga ikuloza kolakwika. Mumatani inu?

Wa ku Matero: Mukudzivutitsa amayi. Dinani chithunzicho, tsegulani `Alt Text`, malo olembamo mawu ofotokoza chithunzi, lembani zonse m'menemo. NVDA iwerenga. Ntchito ya mphindi zochepa imeneyo.

Wa makompyuta ku Kamwala: Itumizeni kuno ndiidutse pa OCR yotola mawu m'chithunzi, kenako ndiijambulenso bwino pa draw.io. Ituluka yowala, mizere yoongoka, mukhoza kuikanso mitundu.

Mlembi wa ku Kabwata: Achimwene, munthuyu saona. Kaya yowala kaya yothimbirira, kwa iye n'chimodzimodzi. OCR ndayesa kale, imatola mawu a m'mabokosi n'kusiya mivi yonse, "Inde" ndi "Ayi" zimangogwera paliponse.

Amayi a ku Chilenje: Mwanawe, funso la mnzakoyo lakuuza kale pamene pali vuto. Iwe wasamutsa mabokosi, mivi waisiya pachithunzi. Pa fulochati, munthu akamaliza bokosi amatsata muvi, kaya ukupita pansi kaya ukuzungulira m'mbali. Pa mndandanda wa manambala palibe muvi, ndiye aliyense akamaliza 4 amapita ku 5 pokhapokha utamuletsa. Choncho sitepe iliyonse iyenera kuthera ndi mawu onena kopita, ngakhale kopitako kuli nambala yotsatira.

Usanalembe kalikonse sindikiza chithunzicho, tenga pensulo, upatse bokosi lililonse nambala yake imodzi. Ukatero werenga mivi, osati mabokosi. Dayamondi iliyonse ulembe pambali kuti ili ndi njira zingati zotulukira. Tiuze zimene wapeza.

Mlembi wa ku Kabwata: Ndawerenga amayi. Mivi ndi 15. Madayamondi: 2 (mkulu wa dipatimenti wasaina?) njira ziwiri, 3 (katundu alipo?) njira zitatu, 6 (mtengo) ziwiri, 9 (komiti yavomera?) ziwiri. Zonse 9. Mivi 6 yotsalayo ikuchoka pa mabokosi wamba. Koma pa 9 muvi umodzi wokha ndiwo walembedwa "Inde", winawo ulibe mawu, ndipo ukudutsana ndi mzere wina pamene pepala linapindika. Sindikuona ngati ukubwerera ku 8 kapena ukukwera mpaka ku 1.

Amayi a ku Chilenje: Ndiye zolemba zako zikhale ndi "pitani ku" kapena "bwererani ku" zokwana 15, osachepera osapitirira, ndipo 11 yokha ndiyo ithere ndi mawu oti ndondomeko yatha. Pakati paja ine ndikanalemba chonchi:

3. Kodi katundu wapemphedwayo alipo m'sitolo? Mayankho ndi atatu. Ngati alipo yense, pitani ku 4. Ngati alipo wina, pitani ku 5. Ngati palibe, pitani ku 6.
4. Perekani katundu yense kwa wopemphayo. Kenako pitani ku 11.
5. Perekani amene alipoyo, ndipo wotsala mumulembe pa fomu. Kenako pitani ku 6.
6. Kodi mtengo wa katundu wofunika kugulayo ndi wotani?

Waona pa 4? Kamawu koti "pitani ku 11" n'kamene kanasowa. Ndipo ndimayamba ndanena kuti mayankho ndi atatu chifukwa womvetsera akamva "ngati" kawiri amayesa zatha, sadikira kachitatu.

Za 3.3.2.1 zisiye. Zimenezo zimayenda pamene nthambi zikungogawikana osakumananso. Kwa iwe 3 ndi 5 zonse zikulowa mu 6, 7 ndi 9 zikulowa mu 10, 4 ndi 10 zikulowa mu 11. Ukamalowetsa m'kati uyenera kukopera zogulazo pansi pa nthambi iliyonse, ndipo tsiku limene malire a ndalama adzasinthe, wina adzakonza pamodzi n'kuiwala penapo.

Wa ku Matero: Zonse mwalembazo amayi zikhoza kulowa mu `Alt Text`. Bwanji kutalikitsa buku ndi tsamba lina?

Wolemba za osaona, Mtendere: Akulu, inu munayamba mwamvetserapo? Tsekani maso, yatsani NVDA, mumve masitepe 11 akuwerengedwa mu `Alt Text`. Amabwera ngati mtanda umodzi wa nsima. Mulibe mndandanda m'menemo, mulibe mutu woti n'kulumphirapo, ndiye mawu oti "pitani ku 8" sakuthandiza munthu kufika pa 8. M'menemo muzilemba chiganizo chimodzi: fulochati ya kapemphedwe ka katundu, masitepe ake alembedwa pansipa. Ngakhale malangizo a W3C, bungwe loika miyezo ya masamba a pa intaneti, pa zithunzi zovuta amanena zomwezo, mawu achidule pachithunzi, kufotokoza kwathunthu pena poti aliyense n'kuwerenga.

Ife pa zilembo za osaona tinaziona. Anatibweretsera chikalata cha sukulu ina, kalembedwe kolowetsa m'kati komweko, magawo anayi. Mzere wa pepala lathu umatenga zilembo pafupifupi 40 zokha, ndiye polowetsa m'kati kanayi mawu anatsala ochepa pa mzere, ndipo ana sankadziwa kuti "Ayi" ameneyu ndi wa funso liti. Tinabweza. Chifukwa chake ndimati yankho lililonse lizitchula nkhani yake: "Ngati komiti yakana", osangoti "Ngati ayi".

Wa makompyuta ku Kamwala: Za manambala osunthazo ndi zophweka. Musamataipe 8 ndi dzanja. `References`, `Cross-reference`, sankhani `Numbered item` ndi `Paragraph number`. Mukawonjezera sitepe Word imakonza yokha.

Amayi a ku Chilenje: Yokha ayi. Mpaka udinde `Ctrl+A` kenako `F9`, apo ayi nambala yakale ikhalabe pomwepo. Ndipo ukafufuta sitepe imene ina inkaloza, pamatuluka `Error! Reference source not found.` Ndinaliona buku la ofesi ina litasindikizidwa makope ambirimbiri lili ndi mawu amenewo pakati pa tsamba, wina aliyense osaliwerenga lisanapite kosindikiza. Ine pa masitepe 11 okha ndimayamba ndamaliza manambala papepala, polozera ndimaika pamapeto penipeni. Chenjeranso ukamakopera ku imelo kapena ku WhatsApp, manambala odziika okha nthawi zina amagwa kapena kuyambiranso pa 1.

Wa maakaunti, Longacres: Ine mantha anga ali pa muvi wopanda mawuwo. Chonde mlongo, musaganizire nokha. Ukabwerera ku 8 ndiye kuti komiti ikakana mumangosaka makotesheni ena atatu. Ukapita ku 1 ndiye kuti pempho lonse lafa, wopempha ayambirenso ndi siginecha yatsopano. Zimenezo ndi ndondomeko ziwiri zosiyana, ndipo oyendera mabuku akabwera adzagwira chimene chalembedwa m'mawu, poti n'chosavuta kuloza kuposa muvi.

Kumene ndinkagwira kale, wina anamasulira fulochati ya alawansi ya ulendo m'mawu. Panali nthambi yoti malisiti akapanda kukwana fomu ibwerere kwa mwini wake. Iye anaona ngati n'zodziwikiratu, sanailembe. Atsopano onse ankangodutsitsa mafomu mpaka ku kashi. Zitaphulika, mlandu unagwera kalaliki amene ankatsatira zolembedwazo, wolembayo anali atachoka kale.

Pa 6 ponso, pachithunzi palembedwa chiyani kwenikweni?

Mlembi wa ku Kabwata: Muvi wina `< K5,000` kupita ku 7, kugula ndi ndalama za m'kashi. Wina `> K5,000` kupita ku 8, makotesheni.

Wa maakaunti, Longacres: Nanga K5,000 yeniyeniyo ipita kuti? Palibe muvi wake. Dzenje limenelo lili m'chithunzi momwemo, si lanu, koma mukalemba "K5,000 kapena kucheperapo" mwapanga lamulo inuyo. Lembani monga zilili, muikepo chizindikiro, mutumize mafunso awiriwo kwa mwini ndondomeko pa imelo kuti yankho likhale lolembedwa. Zizindikiro za `<` ndi `>` muzilembenso m'mawu, ena amazisokoneza ngakhale akuona.

Wa ku Matero: Ine ndakhala ndikuika mu `Alt Text` zaka zonsezi, palibe anadandaulapo.

Wolemba za osaona, Mtendere: Analipo wosaona amene ankagwiritsa ntchito zolemba zanuzo tsiku ndi tsiku?

Wa ku Matero: Kaya, koma wodandaula sanabwere. Chabwino, ngati simukufuna, ikani mu tebulo. Sitepe, funso, inde, ayi. Koma ine ndikuonabe kuti tsamba lina n'kuwononga pepala.

Wolemba za osaona, Mtendere: Tebulo silolakwika likakhala ndi mitu yake pamwamba ndipo mulibe timabokosi tophatikiza. Koma apa 3 ili ndi mayankho atatu, "wina alipo" mumuika pansi pa inde kapena ayi? Ndipo masitepe 7 mwa 11 alibe funso, timabokosi tambiri tikhala topanda kanthu. Mufunseni mnzanu wosaonayo, ena amakonda tebulo ena ayi.

Amayi a ku Chilenje: Mivi 15 ikakwana usati watha. Ikhoza kukwana koma umodzi ukuloza kolakwika. Peza mnzako amene sanaione fulochatiyo, umupatse zolembazo zokha, iwe ugwire chithunzi. Umuuze nkhani: wina wapempha mapepala mabokosi 10, m'sitolo muli 4, otsalawo mtengo wake ndi K6,200, komiti yavomera. Azitchula manambala mokweza, iwe chala pa muvi. Ayenera kunena 1, 2, 3, 5, 6, 8, 9, 10, 11. Kenako usinthe nkhani mpaka njira 9 zotuluka m'madayamondi zonse zitapondedwa, kuphatikizapo pamene mkulu wakana kusaina pa 2. Pamenepo ulembe "bwererani ku 1", mawu obwerera amamuuza munthu kuti akupita m'mbuyo. Uonenso ngati kubwererako kuli ndi potulukira. Mkulu akakana kachiwiri, kachitatu, fomu izingozungulira?

Mlembi wa ku Kabwata: Pachithunzi palibe potulukira pa 2. Ndiye mafunso akhala atatu. Vuto mwini ndondomeko ali ku Chipata ku maliro, abwera sabata yamawa, ndipo abwana akufuna Lachisanu.

Wa maakaunti, Longacres: Perekani Lachisanu ndi malo atatuwo mutalemba poyera kuti akudikira yankho. Mnzanuyo mumuuze kuti akafika pamenepo azifunsa kaye. Musasaine kuti ndi yomaliza.

Wa makompyuta ku Kamwala: Pepala lopindikalo, mulibe kope ina ku fayilo ya oyang'anira antchito? Mutaisikana pa 600 dpi muviwo ukhoza kuoneka.