Ndimulembere chani mnzanga amene Khirisimasi yamupeza m'chipatala?

Wofunsa: Abale ndithandizeni. Mnzanga wagonekedwa ku Nkhotakota, ine ndili pa Kamuzu Road, abwana akana kundipatsa ofu. Tinagwirizana kuti pa 25 tikadyera ku Senga Bay, ndalama ya chitenje cha yunifomu ndinamupatsa kale, mchemwali wake sayankhanso foni zanga. Ndikalemba kuti "Khirisimasi yabwino" sizioneka ngati ndikumuseka?

NaBanda: Akudwala chani kodi? Nanga foni ili ndi ndani?

Achimwene a Kabaza: Uthenga sadya chemwali! Tumizani ya mpunga, nkhuku ndi Fanta pa Airtel Money, basi.

Mayi a Mvano: Lembani Salimo 121, mumuuze kuti chaka chatsopano chimupeza kunyumba.

Achimwene a Kabaza: Ine nditagona m'chipatala mavesi anabwera ambirimbiri, sopo ndi mmodzi yemwe ayi. NDALAMA!

Mayi a Mvano: Mwana iwe, Mawu a Mulungu sayerekezedwa ndi sopo.

Namwino Wopuma: Mayi, vesilo ndi labwino, koma tsiku lotuluka musamulonjeze. Likadutsa akadali pabedi amakhumudwa, ena mpaka amafuna kuthawa. Za Fanta, ayambe afunsa kaye. Wa shuga kapena amene akudikira opaleshoni amaletsedwa zina, ndipo foni nthawi zambiri imakhala ndi gadiyani, ndiye musalembe zachinsinsi.

Wofunsa: Si shuga ayi, anagwa pa njinga yamoto pa M5, fupa la ntchafu linathyoka. Mwendo anaumangirira miyala. Foni ili ndi mayi ake.

NaBanda: Ndiye mumayamba ndi za chitenje bwanji?

Namwino Wopuma: Eya, wa miyala amakhala masabata 6 kapena kuposa, ndiye Nyuwere adyera konko. Zakudya nthawi zambiri saletsedwa. Chomusowetsa mtendere ndi kugona chagada tsiku lonse. Yambani ndi mayiwo, ndi amene akuphika kuchitando ndi mvulayi: "Mayi, pepani ndi matenda, zikomo podwazika mnzathu." Kenako iyeyo: "Mnzanga, wadzuka bwanji lero? Khirisimasi ino ndikukumbukira iwe. Ku Senga Bay kudikira mwendo uchire. Ndatumiza ya nkhuku kwa amayi. Ndiimba mawa masana, usavutike kuyankha." Mujambule mawu, aafupi, chifukwa malo otchajira foni mu wodi ndi olimbirana. Ndipo muimbedi.

Achimwene a Kabaza: Mwaona? Ya nkhuku ilimo. Muwonjezere yochotsera, ejenti asawadule pa ya ndiwo. Komanso njinga zinazi mabuleki ake, musatinyoze tonse.

Mtsikana wa ku Dwangwa: Zithunzi za kunyanja musaike pa sitetasi. Ine anzanga anandichita zimenezo ndili ndi diripi, mpaka lero sitilankhulana bwino.

Mayi a Mvano: Vesi likhalemo ndithu.

Wofunsa: Zikomo nonse. Nanga za chitenje ndifunse liti?