Mayeso aja a tizigawo: zomwe ndapeza

Sabata yatha ndinafunsa: "Bwanji ana anga a Sitandade 5 kuno ku Mangochi analephera mayeso a tizigawo, chonsecho m'kalasi amayankha bwino?"

Ndabwereranso ku chikonzekero changa, ndipo vuto ndinali ine. Chizindikiro cha kakhozedwe chimati ophunzira afananitse tizigawo. Koma m'magulu amangodula mapepala, ena kujambula chambo n'kuchigawa panayi, n'kumatchula dzina la gawo lililonse. Pamayeso m'pomwe ndinawafunsa chachikulu pakati pa 2/3 ndi 3/4, zomwe sanayeserepo n'kamodzi komwe.

Lolemba tinapinda timapepala tiwiri tofanana kutalika, kena patatu, kena panayi, n'kutiyika pamodzi kuti aone okha chotalika pakati pa 2/3 ndi 3/4. Funso lomaliza linali lomwelo, ndangosintha manambala kukhala 1/2 ndi 2/5. Ambiri akhoza. Otsalawo akuganizabe kuti nambala yapansi ikakula ndiye kuti gawo lakulanso, mawa tiyambira pamenepo.