Thandizeni pa kankhani ka agogo owerenga masiku

Anzanga olemba, ndikulemba kankhani kakafupi ka agogo aakazi omwe akudikira mdzukulu wawo wa ku Joni. Mnyamatayo waimba foni pa 20 Disembala 2023, akuti afika pa 5 Malichi. Agogowo atola nyemba, kuti m'mawa uliwonse azichotsa imodzi m'chikho. Ine ndawerenga motere: masiku 11 otsala mu Disembala, 31 a Januwale, 29 a Febuluwale poti 2024 imagawika ndi 4, ndi 5 a Malichi. Zonse 76, masabata 10 ndi masiku 6, choncho foni ya Lachitatu ikutifikitsa Lachiwiri. Kodi ndalondola? Chikundivuta china: agogowo akaiwala tsiku la 29 lija, nyemba zidzatha Lolemba mdzukulu asanafike. Ndiwasiye alire usiku umenewo, kapena mwana wa sukulu awakonzere msanga?