Intavyu ya unesi ku Scotland: funso lapita osalimva, titani?

NaPhiri: Anzanga thandizeni. Mayeso a Chingerezi a OET ndinakhoza koma intavyu ya pa Teams yandibalalitsa. Pa panelo panali bambo wina wa ku Glasgow, amameza t yense pakati pa mawu, kuthamanga kwakenso eee. Anandifunsa za agogo osokonezeka mutu amene akudzuka usiku akuti akufuna kukaononga peni, ndingatani. Ine ndinayamba kufotokoza zosunga ndalama za odwala. Intavyu ina ikubwera Lachinayi.

Mbewe wa ku thiyeta: Kkkk pepani asisi. Kuononga peni ndi kupita kuchimbudzi, achikulire a ku UK amanena choncho. Amafuna muone kuti agogowo atha kugwa, muwaperekeze kapena mubweretse komodi, belu likhale pafupi, komanso muganize ngati kusokonezekako sikukuchokera ku matenda a m'njira ya mkodzo.

Chiko: Vuto ndi kayankhulidwe kathu, muziyeserera kutchula ngati azungu basi

Sista wa naiti: Ayi Chiko, iwowa sanamve funso, sikuti sanamveke. Ndipo zoyesererazo siyani, m'zipatala za boma za NHS mwadzaza manesi a ku India ndi ku Philippines, mapanelo anazolowera. Chokonza ndi manambala, 15 ndi 50 zimamveka chimodzimodzi tikathamanga, ndiye pa mlingo wa mankhwala nenani kenako mutchulenso manambalawo limodzilimodzi.

Inu aNaPhiri, mukamva theka musangoti pepani bwerezani, chifukwa munthu amabwereza mawu omwewo pa liwiro lomwelo, kachitatu nonse mwachita manyazi. Bwezani zimene mwamva. Mukanati: ndamva kuti wodwala ndi wachikulire, wasokonezeka, akudzuka usiku, koma za peni sindinazimve, mukutanthauza chani? Akanakuuzani pompo ndi mawu wamba. Si zachilendo izi, ndi zomwe timachita dokotala akapereka oda pa foni, timabwereza asanadule. Nesi woyankha zongoganiza ndi amene amaopsa panelo, osati wofunsa.

Mbewe wa ku thiyeta: Komanso ingoyatsani Live captions pa Teams muziwerenga, nkhani yatha

Sista wa naiti: Amathandiza pang'ono koma munthu wa ku Glasgow akathamanga makapushoniwo amalemba zabodza, ndipo za peni akanalemba bwinobwino inu osamvabe. Maso amaonekanso kuti mukuwerenga. Kuyambira lero mpaka Lachitatu tsegulani BBC Radio Scotland, makamaka mapulogalamu oimba foni anthu wamba, osati owerenga nkhani, aja amayankhula mosamala kwambiri. Mavidiyo a pa YouTube ayikeni pa 0.75, mubwereze kachigawo komweko pa liwiro lake, kenako fotokozani mokweza zomwe mwamva.

NaPhiri: Nanga kupempha kuti alembe funso mu chati, sizichotsetsa mamalikisi?

Chiko: Ine anandilembera osavuta

Mbewe wa ku thiyeta: Ine anakana, akuti onse afunsidwe mofanana. Funsani ejenti wanu Lachinayi lisanafike, mufunsenso kuti pa panelo pakhala ndani.