Za kuwerenga chidule cha kafukufuku

"Mafunso okhudza njira yochitira kafukufuku ndayamba kuwakhoza, koma ndimasokonezabe zotsatira ndi mfundo yomaliza. Ndizisiyanitse bwanji?"

Achimwene, yang'anani nthawi ya mneni komanso manambala. Tiyerekeze chidule chikuti: "Tinagawa ana 200 m'magulu awiri mwamaere, gulu limodzi linalandira mankhwala." Imeneyo ndi njira. "Odwala anali 10 mwa olandira, 25 mwa osalandira." Izi ndi zotsatira, zomwe anawerenga basi, popanda maganizo awo. Mfundo yomaliza imabwera ndi mawu ngati "izi zikusonyeza kuti mankhwalawa angateteze ana". Apa ambiri amagwa poyankha kuti "amateteza". Olembawo anati "angateteze", ndipo anayesa ana okha, choncho musawonjezerepo akuluakulu.