Chiikireni lupu msambo wachuluka, ndikachotsetse?

Wobisa dzina: Amayi anzanga thandizeni. Ndili ku Chipoka, ana awiri. Ndinasiya jakisoni nditabayitsa zaka 3, ndinaikitsa lupu ya kopa miyezi iwiri yapitayi. Kale ndinkasamba masiku 4, pano 7. Tsiku lachiwiri ndikumasintha padi kasanu, cham'mimba mpaka kulephera kupita kudambo. Bambo akunyumba akuti ndikachotse. Ndipirire kapena china chalakwika?

Nachisale: Chotsani msanga asisi, imayenda ija mpaka kukafika kumtima.

Namwino wa kulera: A Nachisale, kuchokera m'chiberekero kulibe njira yopita kumtima. Inu amene mwafunsa, kasanu pa tsiku ndi masiku 7 ndi zomwe timaziona kawirikawiri miyezi 3 mpaka 6 yoyamba. Kopa uja amachititsa kuti mkati mwa chiberekero mutupeko pang'ono, ndiye chimafinya kwambiri n'kutaya magazi ambiri. Komanso jakisoni amachepetsa msambo, ena amasiyiratu kusamba. Lupu ilibe mahomoni, choncho mbali ina ndi msambo wanu weniweni umene wabwerera. Masiku 4 aja anali a nthawi ya jakisoni?

Wobisa dzina: Ayi, ndisanayambe. Pa jakisoni ndinkangodontheza. Ndikumwa asipilini koma sizikusintha.

Namwino wa kulera: Asipilini musiye lero, amachedwetsa magazi kuundana. Bulufeni ndiye amachepetsa ululu ndi magazi omwe: 400 mg kawiri pa tsiku mutadya, masiku 5, kuyambira tsiku lomwe msambo wayamba, osadikira kuti ululu ukule. Ngati muli ndi zilonda zam'mimba, mphumu kapena vuto la impso, kaonaneni kaye ndi adokotala.

Make mapasa, Dwangwa: Ine inandivuta miyezi 5, kenako zii, pano chaka chachinayi. Panado yekha ankandikwanira.

Namwino wa kulera: Panado amathandiza ululu, magazi sachepetsa. Koma izi musapirire nazo: padi kudzadza pa ola limodzi maola awiri otsatizana, chizungulire, mtima kuthamanga, kutentha thupi, chikazi chonunkha, kuwawa pokhala malo amodzi ndi bambo. Mukasamba m'manja fufuzani tizingwe. Tikatalika, tikasowa, kapena mukakhudza kapulasitiki kolimba, mwina lupu yasuntha ndipo mutha kutenga mimba. Munabwererako kukapimitsa chiikireni?

Wobisa dzina: Sindinapite, thiransipoti. Tizingwe tili momwemo, koma ndikakwera kamtunda ndikumapuma mwawefuwefu.

Namwino wa kulera: Pitani sabata ino akayeze kuchuluka kwa magazi. Kunyanja kuno malungo ndi likodzo zimatha kale magazi, ndiye msambo wotere umapeza munthu ali wochepekedwa. Akakupatsani mapiritsi owonjezera magazi musamwere tiyi. Akapeza kuti atsika kwambiri mukakambirana za njira ina, ndipo kuchotsa ndi ufulu wanu tsiku lililonse.

Nabanda: Ine ndinadikira miyezi 8 osasintha, ndinakachotsetsa. Sikuti aliyense zimamutsikira.

Wobisa dzina: Ndipita Lachinayi. Nanga abambowa ndiwauze chiyani, poti za miyezi 6 sakufuna n'kumva komwe?