Fizi ya mayeso yafika yoperewera ku UK

Nabanda: Anzanga a ku akaunti, thandizeni. Kampani yathu ku Ginnery Corner inalipirira wophunzira wathu mayeso, invoisi ya mapaundi 150, kudzera ku banki. Makwacha anachotsedwa kale pa akaunti, koma ku UK akuti ali ndi ngongole ya mapaundi 15 ndipo sanamulembetse. Kulembetsa kutsekedwa Lachisanu.

aMbewe: Ndalamayo sinatuluke imeneyo, mayi. Banki imatha kugwira makwacha anu pamene pempho lili pamzere kudikira foreksi. Tsiku lomwe achotsa makwacha si tsiku lomwe atumiza.

aGondwe: Zimenezo zimachitikadi aMbewe, koma apa ayi. Ikanakhala pamzere ngongole ikanaoneka yonse, 150. Poti yatsala 15, ndiye kuti 135 inafika. Mayi Nabanda, pemphani ku banki kope la MT103, chikalata chosonyeza momwe ndalama inatumizidwira, muone pa gawo 71A. Mukapeza SHA, inu munalipira banki yanu yokha, ndipo banki yapakati inadula zake pa ndalama yomwe ikudutsayo. Pa fizi ya mayeso muzisankha OUR pa fomu, kuti zolipira zonse zigwere inu wotumiza. Zimakwererapo pang'ono, koma mbali inayo safuna kumva zoti ndalama inadulidwa panjira, amangoona kuti invoisi sinakwane.

Onaninso pa gawo 70 la MT103 yomweyo. Pamenepo pakhale nambala ya wophunzira ndi ya invoisi, osati kungolemba "exam fees". Dzina la wotumiza ndi la kampani, ndiye popanda nambalazo ndalama imafika n'kungokhala osadziwika mwini wake.

Nabanda: Ndaona, ndi SHA ndithu. Nambala ya wophunzira ilipo. Nditumizenso 15 yotsalayo pa banki?

aGondwe: Ayi, pempho latsopano likayambiranso kumapeto kwa mzere, ndipo zolipira zake zingapose 15 yomweyo. Ndalama yochepa chonchi yesani khadi ya Visa. Yambani mwafunsa banki ngati khadiyo ndi yotsegulidwa kulipira kunja pa intaneti, komanso malire a mwezi uno atsala angati. Ikakana kawiri musakakamize, angaitseke poganiza kuti ndi akuba.

Nangondo: Bwanji osangogula madola ku Limbe n'kuika pa akaunti?

aMbewe: Zimenezo ndi zoletsedwa achemwali, komanso banki idzafunsa komwe mwawatenga. Ndipo invoisiyi ndi ya mapaundi. Njira yachangu ndi m'bale amene ali kunja, alipire ndi khadi yake pa akaunti ya wophunzirayo.

aGondwe: Kulipirako kumatheka, koma kampani ikamubwezera m'baleyo makwacha kuno, nkhaniyo ikukhudza malamulo a Reserve Bank a ndalama zakunja, ndipo oditala adzafuna mapepala. Funsani kaye ku banki yanu. Lero lomwe tumizani MT103 ija ku UK pamodzi ndi nambala ya UETR yolondolera ndalamayo, mupemphe kuti amusungire malo wophunzirayo.

Nabanda: Ndatumiza. Khadi ndiyesa mawa m'mawa. Kodi amawerengera tsiku lotumiza kapena lomwe ndalama yakwana?

aMbewe: Ine ndimati lomwe yakwana, koma akuyankheni okha polemba.